Vidiyo yatsopano ikatuluka mbuu pa YouTube: chimachitika n'chiyani 1080p isanafike

Munthu wajambula vidiyo ndi kamera yabwino, waikonza pa laputopu, ikuoneka ngwee moti ungawerenge mabatani a malaya a munthu woima mzere wakumbuyo. Waikweza pa YouTube, mzere wafika pa 100%, nthawi yomweyo watumiza linki m'magulu onse a WhatsApp. Posakhalitsa foni yayamba kulira: nkhope sizikudziwika, mawu olembedwa pansi sakuwerengeka, zonse zili mbuu. Akatsegula yekha n'kudina pa Quality, akupezapo 360p basi. Ija 1080p imene anajambulira kulibe, ngati sinakhaleko n'komwe.

Nthawi zambiri palibe chimene chawonongeka. Nkhani ndi yakuti YouTube sionetsa anthu fayilo imene inu mwatumiza. Fayilo yanuyo imaisunga ngati gwero, ndipo kuchokera pa iyo imapanga makope atsopano a misinkhu yosiyanasiyana: 144p, 240p, 360p, 480p, 720p, 1080p, ndipo ngati gwerolo ndi lalikulu mokwanira, 1440p ndi 2160p imene ambiri timaitchula kuti 4K. Aliyense woonera amalandira limodzi la makope amenewa. Mzere wa 100% uja umangotanthauza kuti fayilo yafika. Ntchito yopanga makope imayamba pamenepo, ndipo makopewo satha nthawi imodzi. Laling'ono limatha msanga, YouTube n'kutsegula vidiyo ndi limenelo, aakulu n'kumabwera pambuyo.

Kuti zimveke bwino titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Kwaya ya mpingo wina ku Matero, mu Lusaka, yajambulitsa nyimbo zake Loweruka. Mnyamata wojambula, amene ali ndi kasitudiyo ku Kabwata, wajambula mu 4K, zithunzi 30 pa sekondi, ndipo atadula n'kulumikiza zonse vidiyo yakwana mphindi 20.

Vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zothamanga motsatizana. Mphindi 20 ndi masekondi 1,200, ndiye pa zithunzi 30 sekondi iliyonse tikupeza zithunzi 36,000. Chithunzi chilichonse chimapangidwa ndi timadontho, mapikiseli. Cha 360p chimakhala ndi timadontho 640 m'lifupi ndi 360 kutsika pansi, tonse pamodzi 230,400. Cha 1080p ndi 1,920 kuchulukitsa ndi 1,080, zimene zikupereka 2,073,600. Cha 4K ndi 3,840 kuchulukitsa ndi 2,160, timadontho 8,294,400. Apa m'pamene ambiri amanamizika ndi manambala a pa Quality. Ukaona 360 ndi 1080 umaganiza kuti kusiyana kwake ndi katatu, koma chithunzi chimakula mbali zonse ziwiri, choncho 1080p ili ndi timadontho tochuluka ka 9 kuposa 360p, ndipo 4K ili ndi tochuluka ka 36. Tinene chonchi: timadontho tonse ta vidiyo ya kwaya ija mu 360p, mphindi 20 zathunthu, tikufanana ndi ta masekondi 33 okha a vidiyo yomweyo mu 4K.

Ndipo ntchito ya makina si kungochepetsa chithunzi ayi. Kope lililonse liyenera kupanikizidwa kuti likhale lopepuka, apo ayi palibe netiweki imene ingalinyamule. Kupanikizako kumachitika motere. Makina amasunga chithunzi chimodzi chathunthu, kenako pa zithunzi zotsatira amangolemba zimene zasintha. Khoma la tchalitchi silinasunthe, ndiye palibe chifukwa cholijambulanso. Dzanja la woimbitsa lasuntha pang'ono kumanja, ndiye makina amalemba kuti kachigawo aka katengedwe pa chithunzi chapita kaikidwe apa. Kuti adziwe zimenezi, ayenera kugawa chithunzi m'timabokosi, n'kufufuza kabokosi kalikonse kuti kanali pati m'zithunzi zoyandikana nazo, n'kuyesa njira zingapo zokalembera kuti asankhe yodya malo ochepa. Kufufuza kumeneku ndiko kumadya nthawi, ndipo kumachuluka timadontho tikachuluka. Pa phwando la ukwati kapoto ka nsima ya ana kamapsa mphika waukulu usanawire n'komwe, ndipo palibe mayi wanzeru amene amauza ana kuti adikire mphikawo. YouTube nayo imapereka chimene chapsa.

Ena amafunsa kuti bwanji kampani yolemera chonchi osangogula makina ambiri kuti zonse zizitha nthawi imodzi. Makinawo ali nawo, ndipo vidiyo yanu saigwira ndi kompyuta imodzi. Amaidula m'tizidutswa ta masekondi ochepa, tizidutswato n'kugawidwa ku makina ambiri kuti agwire nthawi imodzi, kenako n'kulumikizidwanso. Mu 2021 Google inalengeza kuti inafika popanga tchipi yakeyake, yotchedwa Argos, yongogwira ntchito yopanikiza mavidiyo. Koma katundu amene amalowa ndi woopsa. Kale mu 2019 kampaniyi inkanena kuti mavidiyo a maola oposa 500 amakwezedwa mphindi iliyonse. Vidiyo ya kwaya ya ku Matero ikulowa pa mzere umodzi ndi ya munthu wa ku Jakarta ndi ya wailesi ya kanema ya ku Brazil. Pa mzere wotere n'zomveka kuti ayambe apereka kwa aliyense kope lopepuka kuti vidiyo itseguke, ntchito yolemera ibwere pambuyo. N'chifukwa chakenso mavidiyo awiri ofanana kutalika angathe kutenga nthawi yosiyana: wina wapeza mzere waufupi, wina wautali.

Tsopano tiwerengere nthawi ya mnyamata wa ku Kabwata. Pa 4K ya zithunzi 30 pa sekondi, YouTube imalangiza kuti fayilo itulutsidwe ndi bitireti ya pakati pa 35 ndi 45 Mbps, ndiye kuti mamegabiti pa sekondi. Bitireti ndi kuchuluka kwa deta imene sekondi iliyonse ya vidiyo yanyamula. Tinene kuti wasankha 40. Masekondi 1,200 pa 40 Mbps akupanga fayilo ya 6 GB. Ngati intaneti yake imakweza pa liwiro la 10 Mbps mosadukiza, fayiloyo itenga mphindi 80 kuti ifike. Wayamba 14:00, ndiye kukweza kutha 15:20, malaiti akapanda kuzima pakati. Kuyambira pamenepo intaneti yake ilibenso gawo. Angathe kuzimitsa laputopu n'kupita kukagula ndiwo, ntchito yotsala ikuchitika m'maseva a YouTube. Ichi n'chofunika kuchimvetsa chifukwa ndaonapo anthu akugula bandulo ina, kapena kuthamangira pamalo pamene netiweki imagwira bwino, poganiza kuti HD yachedwa chifukwa cha netiweki yawo. Fayilo ikafika, liwiro lanu silifulumizitsa kanthu.

Kope la 360p limapezeka pakangopita mphindi zochepa. A 720p ndi 1080p amatsatira, ndipo pa vidiyo ya msinkhu uwu kawirikawiri safika maola ambiri. Za 4K, YouTube yokha imapereka chitsanzo chakuti vidiyo ya 4K ya mphindi 60, ya zithunzi 30 pa sekondi, ingatenge mpaka maola 4 kuti makope apamwamba athe. Tikatengera pamenepo, ya mphindi 20 ingatenge ola limodzi ndi mphindi 20, kutanthauza kuti mnyamatayu ayembekezere zonse kukhala m'malo cha m'ma 16:40. Uku n'kuyerekeza chabe, si lonjezo. Zingathe kutha msanga, zingathenso kupitirira. Akanajambula zithunzi 60 pa sekondi, zithunzi zikanakhala 72,000 m'malo mwa 36,000, ndipo nthawi ikanatalikanso. Vidiyo ya HDR, ija yosunga kuwala ndi mitundu yochuluka kuposa vidiyo wamba, imene mafoni ambiri atsopano amajambula mwini wake osadziwa, ili ndi ntchito inanso yowonjezera, ndipo imayamba kuoneka ndi mitundu wamba kope la HDR lisanathe.

Vuto limabwera pakati pa 15:20 ndi 16:40. Mnyamatayo, posangalala, waika vidiyo pa Public n'kutumiza linki kwa amayi otsogolera kwaya, iwonso n'kuimwaza ku gulu la mpingo, la amayi, la achinyamata ndi kwa achibale a ku Chipata. Mu 360p zitenje za yunifolomu, zimene maluwa ake ankaoneka limodzilimodzi pa laputopu, zasanduka phala la mtundu umodzi. Oimba a mzere wachitatu alibe maso. Amayiwo akuimba foni: "Mwana wanga, ndalama zija tinakupatsa kuti utijambule ndi kamera, nanga izi wajambula ndi kafoni ka mabatani?" Iye akuyankha kuti, "Amayi, dikirani pang'ono, iyera yokha," ndipo akunena zoona, koma ndani angakhulupirire kuti vidiyo imayera yokha? Choipa kwambiri n'chakuti anthu ambiri amaonera linki nthawi imene yafika, kamodzi kokha. Pamene 1080p ikufika, theka la mpingo laonera kale ndipo lagamula kale mlandu.

Njira yopewera zimenezi ndi yosavuta ndipo YouTube yokha imailangiza. Pokweza, pa Visibility musankhe Unlisted kapena Private, osati Public. Kenako yang'anani mu YouTube Studio, tsamba loyang'anira mavidiyo a tchanelo yanu. Pamenepo pamaoneka tizizindikiro ta SD, HD ndi 4K, ndipo kalikonse kamasonyeza ngati gawo lake latha kapena likadali m'kati, nthawi zambiri ndi mawu ngati Processing up to HD pamodzi ndi nthawi yotsala. Musasokoneze izi ndi Checks, imene imafufuza ngati mwagwiritsa ntchito nyimbo za eni ake. Checks ingathe kutha HD isanathe. Zizindikiro zikadzaza, tsegulani vidiyoyo nokha, dinani Quality muone ndi maso anu kuti 1080p ilipo, ndiyeno sinthani kukhala Public. Ngati mwalonjeza anthu nthawi, tinene 19:00 Lamlungu, kwezani Loweruka usiku n'kugwiritsa ntchito Schedule. Mabandulo ausiku amakhalanso otsika mtengo, ndiye mwapindula kawiri.

Chimene simuyenera kuchita ndicho chimene mtima umakuuzani poyamba: kufufuta n'kukwezanso. Mukatero mwataya malo anu pa mzere, mwatayanso 6 GB ina ya bandulo, ndipo vidiyo yatsopanoyo iyambiranso pa 360p pomwe paja. Pamwamba pa izo linki imasintha, chifukwa YouTube silola kulowetsa fayilo ina m'malo mwa yakale pa linki yomweyo. Onse amene munawatumizira akadina apeza kuti vidiyo kulibe, ndipo ndemanga ndi chiwerengero cha oonera zapita nayo limodzi.

Koma si vidiyo iliyonse yooneka mbuu imene ikudikira makope. Pali matenda atatu amene amaoneka chimodzimodzi ndi maso, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Powasiyanitsa, malo oyamba kuyang'ana ndi mndandanda wa Quality. Pa kompyuta dinani kagudumu ka Settings pansi pa vidiyo. Pa foni, mukalowa mu Quality dinaninso Advanced kuti muone manambala enieni.

Ngati mndandandawo ukuthera pa 360p ndipo vidiyo yangokwezedwa kumene, amenewo ndi matenda amene takambawa, ndipo mankhwala ake n'kudikira.

Ngati 1080p ilipo pa mndandanda koma vidiyo ikuonekabe mwachimbuuzi, makope atha kale, vuto lili kwa woonera. Kuno kwathu awa ndiwo matenda ofala kwambiri, ndipo ojambula ambiri amatukwanidwa chifukwa cha iwo popanda mlandu. Foni sikoka vidiyo yonse nthawi imodzi. Imakoka kachidutswa ka masekondi ochepa, n'kuyeza kuti kabwera mwachangu bwanji, ndiyeno n'kusankha msinkhu wa kachidutswa kotsatira. Quality ikakhala pa Auto, foni imayamba mosamala ndi kope laling'ono kuti vidiyo iyambe msanga, ikaona kuti netiweki ikupirira imakwera. N'chifukwa chake vidiyo, ngakhale ya zaka zisanu zapitazo, nthawi zina imayamba mbuu n'kuyera pakapita masekondi angapo. YouTube imati 360p imafuna liwiro lokhazikika la 0.7 Mbps, 720p imafuna 2.5, 1080p imafuna 5, ndipo 4K imafuna 20. Mawu ofunika apa ndi akuti lokhazikika. Munthu amene ali m'minibasi pa Lumumba Road nthawi yoweruka, foni yake ikudumpha kuchoka pa nsanja ina ya netiweki kupita pa ina, sangalipeze liwiro lotere ngakhale timizere ta netiweki titadzaza. Komanso anthu ambiri anaika okha Data saver pa Video quality preferences kuti bandulo ichedwe kutha, n'kuiwala. Foni yotero imakakamira pa makope aang'ono ngakhale apamwamba alipo. Ndipo sindingawanene, pakuti kusiyana kwa 0.7 ndi 5 ndi pafupifupi ka 7, ndipo kusiyanako kumatuluka m'thumba.

Palinso kanthu kena kochepa kokhudza vidiyo yatsopano. Google imaika maseva osungira makope pafupi ndi oonera, ena m'kati mwa makampani a intaneti enieniwo, kuti vidiyo yotchuka isamachokere kutali nthawi iliyonse. Vidiyo imene yangotuluka sinafike m'maseva apafupiwa, ndiye oyamba kuionera amaikoka kuchokera kutali, ndipo kwa ife a dziko lopanda nyanja ya mchere kutaliko n'kudzera m'zingwe zodutsa maiko oyandikana nafe. Kuchedwa pang'ono kotereku kungachititse Auto kusankha kope lotsika. Woonera akasankha yekha 720p kapena 1080p pa Advanced, nkhani yatha.

Matenda achitatu ndi owawa, chifukwa kudikira sikuwachiza. Tsiku lathunthu lapita, Studio ikusonyeza kuti zonse zatha, koma mndandanda ukuthera pa 480p kapena 360p. Apa fayilo imene inakwezedwa inali yaing'ono kale. YouTube singabweze zimene gwero lilibe. Ukaipatsa 480p, chithunzi chenicheni chimene ili nacho ndi cha 480p basi. Njira imene izi zimachitikira ku Lusaka ndi imodzi pafupifupi nthawi zonse: wojambula watumiza vidiyo kwa mlembi wa kwaya pa WhatsApp, mlembiyo ndiye waikweza pa tchanelo ya mpingo. WhatsApp imapanikiza vidiyo iliyonse yotumizidwa mwachizolowezi, ndipo ngakhale batani la HD limene inawonjezera mu 2023 silibweza fayilo yoyambirira. Kuti fayilo idutse yosakhudzidwa iyenera kutumizidwa ngati Document, kapena kupita pa fulashi, kapena pa Google Drive n'kuitsitsa yonse. Njira zina ndi pulogalamu yokonzera vidiyo pa foni imene inasiyidwa pa 720p potulutsa, kapena pulogalamu yokwezera imene ili ndi chosankha chochepetsa vidiyo kuti isunge deta.

Kudziwa ngati ndi zimenezi sikutenga mphindi. Pezani fayilo yeniyeni imene inakwezedwa, osati imene ili pa laputopu ya wojambula. Pa Windows dinani kumanja pa fayiloyo, sankhani Properties, kenako Details, muwerenge Frame width ndi Frame height. Amene ali ndi pulogalamu ya FFmpeg angalembe izi:

```
ffprobe -v error -select_streams v:0 -show_entries stream=codec_name,width,height,r_frame_rate -of csv=p=0 kwaya.mp4
```

Ikayankha h264,3840,2160,30/1 ndiye kuti gwero ndi 4K yeniyeni. Ikayankha manambala ngati 848 ndi 480, mlandu si wa YouTube. Ngakhale kukula kwa fayilo kokha kumaulula: vidiyo ya mphindi 20 imene ikulemera 60 MB singakhale ija ya 6 GB. Apa pokha m'pamene kukwezanso kuli koyenera, ndipo kwezani yatsopanoyo pa Unlisted, idikireni ithe, ndiyeno muchotse yakaleyo n'kuuza anthu kuti linki yasintha.

Tsopano tinene kuti zonse zayenda bwino, 1080p yafika, netiweki ili bwino, koma wojambula akuonabe kuti vidiyo sikufanana ndi ya pa laputopu. Pamene kwaya ikuvina, zitenje zikuphwanyika m'timabokosi, ndipo m'ngodya zamdima za tchalitchi mukuoneka mabala. Sakulota. Nambala ya 1080p imangonena kuchuluka kwa timadontho, sinena kuti sekondi iliyonse yapatsidwa deta yochuluka bwanji. YouTube imapanikiza makope ake kwambiri kuposa fayilo imene munatumiza, ndipo zimene zimavutika poyamba ndi zinthu za timizere tating'ono zimene zikuyenda: maluwa a chitenje, masamba a mtengo pa mphepo, udzu, fumbi la ovina, ndi timanyerere timene kamera imatulutsa ikajambula m'malo a mdima. Makina opanikiza satha kusiyanitsa timanyerere timeneti ndi chithunzi chenicheni, ndiye amawonongera deta pa ito. Nyali imodzi yowonjezera tsiku lojambula imathandiza kuposa chilichonse chimene mungachite pokweza.

Apa m'pamene kodeki imalowa, ndiye kuti njira imene makina atsata popanikiza. YouTube imagwiritsa ntchito zitatu. H.264 ndi yakale, ya mu 2003, yofulumira kupanga ndipo pafupifupi chipangizo chilichonse chimaiwerenga. VP9, imene Google inatulutsa mu 2013, imasunga chithunzi chabwinopo pa deta yomweyo koma imafuna ntchito yambiri kuipanga. AV1 ya mu 2018 imapanikiza bwino koposa ndipo ndi yolemera koposa. Choncho vidiyo imodzi ingakhale ndi makope a 1080p awiri kapena atatu, ndipo sabwera nthawi imodzi. Amene amakweza mavidiyo kawirikawiri amaona kuti pa tchanelo yaing'ono 1080p imayamba ndi H.264, ndipo makope a kodeki zinazo amabwera pambuyo, makamaka vidiyo ikayamba kuonedwa ndi anthu ambiri. Zimamveka, chifukwa palibe phindu kuwonongera makina pa vidiyo imene ioneredwe ndi anthu 40. Ndiye vidiyo ingathe kuyera kachiwiri patapita masiku, nambala ya pa Quality osasintha.

Mungadzionere nokha. Pa kompyuta dinani kumanja pa vidiyo imene ikusewera n'kusankha Stats for nerds. Pa foni muyenera kuyamba mwaiyatsa mu Settings, pansi pa General. Pa mzere wa Codecs, avc1 ndi H.264, vp09 ndi VP9, av01 ndi AV1. Mzere wa Current / Optimal Res umaonetsa msinkhu umene mukuonera panopa ndi umene ukanayenera sikirini yanu, ndipo Connection Speed imakuuzani liwiro limene foni ikuliona. Kabokosi kameneka kamathetsa mikangano yambiri pakati pa wojambula ndi kasitomala.

Kupitirira 1080p, YouTube sigwiritsa ntchito H.264. Makope a 1440p ndi 4K amapangidwa ndi VP9 kapena AV1, chimene ndi chifukwa china chimene amachedwera chonchi: timadontho n'tambiri, njira yakenso ndi yolemera. Izi zabala kachinyengo kamene anyamata a masitudiyo amauzana, kakuti vidiyo ya 1080p uitulutse ngati 1440p kuti YouTube ikakamizike kuipatsa VP9. Kamagwira ntchito ndithu, ndipo pa vidiyo ya magule kapena ya mpira kusiyana kumaoneka. Koma kukulitsa sikuwonjezera chilichonse chimene kamera sinajambule, fayilo imalemera kawiri chifukwa bitireti yolangizidwa pa 1440p ndi 16 Mbps pamene pa 1080p ndi 8, ndipo nthawi yodikira imatalika.

Zimenezi zikutibweretsa pa funso limene mnyamata wa ku Kabwata anayenera kudzifunsa asanayambe: kodi 4K inali yofunika? Vidiyo yomweyo mu 1080p, pa 8 Mbps, ikanalemera 1.2 GB m'malo mwa 6 GB. Pa intaneti yake ya 10 Mbps ikanakwera m'mphindi 16 m'malo mwa 80, ndipo makope ake onse akanatha kale kwambiri 16:40 isanakwane. Anthu a mpingo adzaionera pa mafoni, ambiri pa bandulo, ndipo ochepa kwambiri adzadutsa 720p. Mafoni ndi ma TV ena akale saonetsa n'komwe 4K pa mndandanda chifukwa sawerenga kodeki zake. Maganizo anga ndi akuti kujambula mu 4K n'kwabwino, chifukwa kumakupatsa mpata wodula chithunzi n'kuyandikitsa nkhope ya woimba yekha popanda kuwononga, ndipo fayilo yaikuluyo ingasungidwe pa hadi diraivi. Koma kukweza mu 4K kuli ndi phindu pokhapokha ngati mukudziwa kuti vidiyoyo idzaonetsedwa pa TV yaikulu kapena pulojekita, kapena ili ndi kuvina kwambiri kumene H.264 ingakuphwanye. Ulaliki, msonkhano, phunziro la kuphika: 1080p yakwana.

Facebook, TikTok ndi Google Drive zimachita zofanana, kungoti sizikuonetsani bwino pamene ntchito yafika. Drive imasokoneza anthu kwambiri. Kasitomala akadina linki n'kuonera m'menemo, akuona kope lopanikizidwa, limene poyamba limakhala lotsika ndipo silipitirira 1080p ngakhale litatha. Fayilo yeniyeni ili momwemo yosakhudzidwa, koma aipeza pokhapokha atadina Download. Ngati mukupereka ntchito ya ukwati kudzera pa Drive, muwauziretu eni ake zimenezi musanatumize linki.

Nthawi zina ntchito imaimadi. Vidiyo yaifupi, gwero mwaliyeza ndi 1080p yeniyeni, koma tsiku lathunthu lapita chizindikiro cha HD chikadali m'kati. Musanachite kanthu, yang'anani pa chipangizo china kapena pa burawuza ina, chifukwa tsamba limene linatsegulidwa makope asanathe limapitiriza kuonetsa mndandanda wakale mpaka mutalitsegulanso. Kumbukiraninso kuti kudula vidiyo ndi Editor ya mu Studio kumaibwezera pa mzere kuti ikonzedwenso. Ngati si zimenezi, kawirikawiri vuto limakhala m'fayilo: inaduka potulutsa pamene malaiti anazima, kapena ili mu mtundu wachilendo, kapena inajambulidwa pa sikirini ya foni ndi liwiro la zithunzi losinthasintha. Itulutseninso ngati MP4, kodeki ya H.264, mawu a AAC, ndi liwiro la zithunzi lomwe munajambulira, 25 ikhale 25, 30 ikhale 30. Ioneretuni yonse pa laputopu mpaka sekondi yomaliza, ndiyeno ikwezeni pa Unlisted yakaleyo ikadali pomwepo, ndipo muchotse yakaleyo pokhapokha yatsopano itaonetsa 1080p pa Quality.